Khadi la Ukwati: Mmene Tingalembere Mawu Oitanira Alendo m'Chichewa Chaulemu

Ambiri a ife amene tili kunja tikamakonza ukwati timayamba ndi khadi la Chingerezi, chifukwa osindikiza a kuno amakhala nalo lokonzeratu, ife timangolowetsamo mayina ndi tsiku. Kenako wina m'banjamo amakumbutsa kuti agogo kumudzi, azakhali, ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo ayenera kulandira lawo m'chiyankhulo chathu. Ntchitoyo imagwera mmodzi wa ife, ndipo poyamba imaoneka yaing'ono popeza ndi chiganizo chimodzi chokha. Koma chiganizo chimenechi chimawerengedwa mokweza pakhonde, pamaso pa anthu amene amamva msanga ngati mwana wawayankhula ngati anzake, ngati dzina la kholo lasiyidwa, kapena ngati mwambo watchulidwa ndi dzina losakhala lake. Khadi likasindikizidwa n'kutumizidwa, cholakwacho sichibwezeka.

Mfundo ya nkhaniyi ndi imodzi. Ulemu wa Chingerezi ndi ulemu wa Chichewa sukhala malo amodzi m'chiganizo. Choncho chiganizo cha pakhadi sitichimasulira liwu ndi liwu. Timayang'ana ntchito imene chikugwira, n'kuchimanganso ndi zipangizo zathu.

Zimene chiganizo cha Chingerezi chimanena

Chiganizo chodziwika kwambiri pamakhadi a Chingerezi, tikachitsata liwu ndi liwu, chimatuluka chonchi: "Bambo ndi Mayi Phiri apempha ulemu wa kupezeka kwanu pa ukwati wa mwana wawo wamkazi." Pali chinzake chimene m'malo mwa ulemu chimanena za chisangalalo chokhala nanu. Mwa mwambo wa eni chiyankhulocho, cha ulemu chija chimalembedwa ukwati ukamachitikira m'nyumba yopemphereramo, pamene cha chisangalalo chimalembedwa ukamachitikira kwina, monga ku hotela kapena pabwalo.

Ulemu wa chiganizochi wagona pa zinthu zitatu. Oitanawo amadzitchula mayina ngati akunena za anthu ena. Pempho lawo salinena mwachindunji, amalibisa m'mayina a zinthu zosaoneka, monga ulemu ndi kupezeka. Ndipo tsiku, chaka ndi nthawi amazilemba m'mawu, osati m'manambala.

Tikatengera zitatuzi m'Chichewa, palibe chimene chimagwira ntchito yake. Munthu wa kwathu akawerenga kuti "apempha ulemu" amamva ngati oitanawo akudandaula kuti sakulemekezedwa. Liwu lakuti "kupezeka" ndi la pamsonkhano wa komiti kapena la katundu m'sitolo. Limauza munthu kuti dzina lake lidzachongedwa, osati kuti akufunidwa. Ulemu wathu umakhala mu mneni ndi timaphatikizo take, m'mene tawatchulira anthu, ndi m'ndondomeko ya amene ayamba kutchulidwa. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Woitana ndani?

Pali njira ziwiri zoyambira. Yoyamba ndi yotsanzira Chingerezi: "Bambo ndi Mayi Phiri akukuitanani ku ukwati wa mwana wawo." Chiganizochi ndi Chichewa cholondola, ndipo makhadi ambiri amalembedwa choncho. Yachiwiri ndi yoyankhula tokha: "Ife, banja la a Phiri, tikukuitanani ku ukwati wa mwana wathu."

Ife timakonda yachiwiriyi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kwathu munthu akafuna kulemekeza mnzake amapita yekha kukanena, satuma mwana. Chiganizo cha "akukuitanani" chimamveka ngati uthenga wobwera ndi mthenga, pamene cha "tikukuitanani" chimamveka ngati eni ake afika pakhomo. Chachiwiri ndi liwu lakuti "wawo". Pakhadi pakangotchulidwa mabanja awiri, "mwana wawo" sadziwikanso kuti ndi wa banja liti. "Ana athu" amathetsa vutoli, ndipo amanena zoona mwa chikhalidwe chathu, pakuti tsiku limenelo mabanja onse awiri amawatenga awiriwo ngati ana awo.

Liwu lakuti "banja" nalonso limatithandiza. Khadi la Chingerezi limatchula makolo a mkwatibwi okha chifukwa mwa mwambo wawo wakale iwo ndiwo ankakonza phwando. Kwathu ukwati suli m'manja mwa anthu awiri okha. Pali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo kwa Achewa, amene mtundu umatsata kuchikazi, malume ndi mwinimbumba, munthu amene nkhani ya ukwati wa mwana wa mlongo wake siingamudutse. Tikalemba kuti "banja la a Phiri" onsewa alowamo popanda kuwandandalika. Nkhani ya banja loyamba kutchulidwa si ya womasulira kuigamula. Tiwafunse ankhoswe, ndipo zimene agwirizanazo zikhale chimodzimodzi pakhadi la Chingerezi ndi la Chichewa.

Dzina la munthu wamkulu silikhala lokha. Timalemba "Bambo Phiri" kapena "a Phiri", ndipo ngati munthuyo ali ndi udindo umene anthu amamudziwa nawo, monga Abusa kapena Agulupu, udindowo ndiwo umatsogola. Ngati kholo limodzi linatisiya, timalitchula ndi liwu lakuti "malemu", koma osati pakati pa oitana, chifukwa womwalira saitana anthu. Malo ake ndi pambuyo pa dzina la mwana: "Uje, mwana wa Mayi Phiri ndi malemu Bambo Phiri."

Mneni amene anyamula ulemu

Tikaphwanya liwu lakuti "tikukuitanani" tipezamo zidutswa izi: ti-ku-ku-itana-ni. "Ti" ndi ife. "Ku" woyamba akusonyeza kuti zikuchitika tsopano. "Ku" wachiwiri pamodzi ndi "ni" wakumapeto ndiwo akuimira inu. Ulemu wonse wagona pa "ni" ameneyu. Akagwa, patsala "tikukuitana", mawu amene timauza mwana kapena mnzathu wapamtima. Khadi lotere likafika kwa apongozi, palibe maluwa kapena zilembo zagolide zimene zingalipulumutse.

"Ku" mmodzi akasowa, tanthauzo limasunthanso. "Akuitanani" ndi zimene mwana amanena akatumidwa: "Amfumu akuitanani." Pakhadi tilembe onse awiri, "akukuitanani" kapena "tikukuitanani". Osindikiza osadziwa Chichewa nthawi zina amaona ngati "kuku" ndi kubwereza kolakwika n'kuchotsapo mmodzi, choncho tizionetsetsa liwuli pa pepala loyeserera. Ena amalemba "kuyitana", ena "kuitana". Kalembedwe konse kawiri kamaoneka m'mabuku ndi m'manyuzipepala. Chofunika n'kusankha kamodzi n'kukatsata pakhadi lonse.

Komabe kuitana si mneni waulemu kwambiri amene tili naye. Kuitana kumachitikanso kubwalo la milandu, ndipo kawirikawiri wamkulu ndiye amaitana wamng'ono. Tikafuna kufika pa mlingo wa chiganizo cha Chingerezi chija, mneni woyenera ndi kupempha: "tikukupemphani kuti mudzakhale nafe." Wopempha amadziika pansi, ndipo wopemphedwayo amasiyidwa ndi ufulu wake. Apa ndi pamene liwu la ulemu lija limapeza malo. M'Chingerezi ulemu ndi chinthu chimene mlendo amabweretsa. M'Chichewa timausamutsira ku kapemphedwe kathu: "tikukupemphani mwaulemu", kapena tikafuna kutsika kwambiri, "tikukupemphani modzichepetsa". Chimodzi mwa ziwirizi n'chokwanira. Tikaunjika zonse n'kuwonjezapo "chonde", khadi limayamba kumveka ngati kalata yopempha ngongole.

Chiganizo chachiwiri chija, cha chisangalalo, nacho chili ndi chofanana nacho: "Ndife okondwa kukuitanani." Ichi n'chopepukirapo, ndipo chimakhala bwino pa madyerero kapena pamene akwati eni ake ndiwo akuitana anzawo.

Pali mneni wina woyenera kumupewa. "Tikukudziwitsani za ukwati wa ana athu" ndi chidziwitso chabe. Wolandira angamve kuti wangouzidwa kuti asadzamvere kwa ena, koma mpando wake palibe.

Tsopano tione zimene tikupemphazo. "Kuti mubwere" ndi mawu olunjika kwambiri, onga a munthu woitana wina kuti adzatenge katundu. "Kuti mudzakhale nafe" amanena zimene tikufunadi, kuti munthuyo adzakhale pakati pathu. Kaphatikizo "dza" kamagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kamaloza m'tsogolo, komanso kamakokera munthu kumene kuli ife. Mnzake "ka" amaloza kwina. "Mukakhale nawo pa ukwati" angamveke ngati tikuwatuma kumalo kumene ifeyo sitidzafikako. Izi zimatikhudza ife a kunja, amene nthawi zina timalemba khadi tili ku Johannesburg pamene ukwati udzachitikira ku Lilongwe. Ngati tidzakhalako, tilembe ngati tafika kale: "mudzakhale nafe". Mawu enanso ozolowereka pamakhadi a kwathu ndi akuti "mudzachitire umboni ukwati wa ana athu". Awa ndi olemera bwino, ndipo amakhala pamalo pake ukwati ukakhala wa kutchalitchi, kumene anthu amabweradi kudzamva malonjezo.

"Ni" waulemu uja ali ndi msampha wake umodzi. Yemweyo amaimira munthu mmodzi wolemekezeka, amaimiranso gulu. Azakhali akalandira khadi lakuti "tikukupemphani" ali ndi ufulu wonse womva kuti aitanidwa pamodzi ndi a pakhomo pawo onse. Mankhwala ake ndi kusiya mzere wolembapo mayina a oitanidwa pakhadi penipenipo, osati pa envelopu pokha.

Kutchula mwambo ndi dzina lake

Chingerezi chili ndi mneni mmodzi wogwira kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe. Chichewa chili ndi atatu. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa, awiriwo amakwatirana. N'chifukwa chake timati mkwati ndi mkwatibwi. Tikalemba kuti "mwana wathu wamkazi akukwatira" talakwitsa, ndipo owerenga adzaseka. Pa liwu lakuti "kukwatirana" tisamale kwambiri ndi zilembo, chifukwa "ir" wapakatiyo akagwa patsala liwu la kuchipinda losayenera kuwerengedwa pagulu. Njira yosavuta ndi kuwapewa aneniwa n'kugwiritsa ntchito dzina: "ukwati wa Uje ndi Ujeni". Ngati tikufuna mneni, "pamene ana athu adzakhale akulowa m'banja" kapena "akumanga banja" ndi mawu ofatsa amene sasankha mwamuna kapena mkazi.

Pakati pa mayina awiriwo payenera kukhala "ndi". Chingerezi chimalumikiza mayinawo ndi kaliwu kamene ambiri timakamasulira kuti "kwa", koma "ukwati wa Uje kwa Ujeni" m'Chichewa ukutanthauza kuti ukwatiwo udzachitikira kunyumba kwa Ujeni.

Kenako tidzifunse kuti mwambo umene tikuitanira anthuwo ndi uti kwenikweni. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limavomereza ukwati wa kuboma, wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo, ndipo pakamwa pa anthu uliwonse uli ndi mawu ake. Chinkhoswe ndi mwambo wa ankhoswe, pamene mabanja awiri amagwirizana poyera. Ngati khadi ndi la tsiku limenelo, tilembe "chinkhoswe", ngakhale la Chingerezi litatchula chinthu china. "Ukwati woyera" ndi wa kutchalitchi, ndipo sitilemba mawuwa pa ukwati wa ku ofesi ya boma kapena wa kumzikiti. Ambiri kuno amayamba alembetsa ukwati kuboma, n'kudzapita kutchalitchi patapita milungu kapena miyezi. Zikatero mawu oona ndi akuti "mwambo wodalitsa ukwati". Zodyera ndi zovina za pambuyo pake ndi "madyerero" kapena "phwando la ukwati". Mawu akuti "amanga woyera", amene timawamva pocheza ndi m'nkhani za m'manyuzipepala, ndi okoma koma ndi opepuka, sayenera pakhadi lopita kwa akuluakulu.

Abale a ku Zambia amakonda kunena kuti "cikwati", ndipo kalembedwe kawo kamaika "c" pamene a ku Malawi timaika "ch". Ngati banja limodzi ndi la kumeneko, liwu lakuti "ukwati" adzalimva ndithu, koma ndi ulemu kuwafunsa. Chosayenera ndi kusakaniza kalembedwe kawiri pakhadi limodzi.

Tsiku, nthawi ndi malo

Apa Chichewa chaulemu chimasiyana kotheratu ndi Chingerezi chaulemu. Chaka cha 2026 tikachilemba m'mawu chikhala "zikwi ziwiri ndi makumi awiri kudza zisanu ndi chimodzi". Palibe amene amatchula chaka motero, ndipo wowerenga angachite kutenga cholembera kuti awerengetsere. Manambala sachotsa ulemu m'Chichewa. Timalemba kuti "Loweruka pa 15 Ogasiti 2026".

Dzina la mwezi tizililemba m'mawu nthawi zonse. Tikalemba 05/09, wa ku Britain, ku Joni ndi ku Malawi awerenga 5 Sepitembala, pamene wa ku America awerenga 9 Meyi. Dzina la tsiku nalo lisasowe, chifukwa anthu ambiri amasunga "Loweruka" m'mutu kuposa nambala, ndipo likasemphana ndi deti wina adzazindikira msanga n'kufunsa. Pa tsiku loyamba la mlungu tilembe "Lamulungu". Liwu lakuti "Lasabata" ena amalimva ngati Lamulungu, koma kwa a mpingo wa Adventisti Sabata ndi Loweruka, ndipo mbale angafike tsiku lolakwika.

Nthawi timailemba ndi nambala, liwu lakuti "koloko" ndi gawo la tsiku: "11 koloko m'mawa", "2 koloko masana", "6 koloko madzulo". Ikakhala ndi mphindi, "koloko" amachoka: "9:30 m'mawa". Timalembo tiwiri ta Chingerezi tosiyanitsa m'mawa ndi madzulo tisatisiye pakhadi la Chichewa, pakuti "m'mawa" ndi "masana" agwira kale ntchito yake. Kachizindikiro ka pamwamba mu "m'mawa" tikayang'anitsitse pa pepala loyeserera, chifukwa zilembo zokhotakhota za pamakhadi zimakameza mosavuta.

Pa malo, "m'tchalitchi cha" akunena za mkati mwa nyumbayo, pamene "ku" akuloza dera kapena mzinda: "m'tchalitchi chakutichakuti ku Leeds". Dzina la tchalitchi, la holo ndi la msewu tilisiye mmene lalembedwera pachikwangwani. Tikalimasulira, mlendo sadzalipeza pamapu ndipo woyendetsa takisi sadzalidziwa.

Chitsanzo chathunthu

Tiyerekeze banja lotere, ndipo mayina a mfunda tikuwagwiritsa ntchito ngati zitsanzo chabe. Mkwatibwi ndi wa kwa a Phiri ku Dedza. Bambo ake anamwalira, mayi ake ali kumudzi. Anakulira ku Leeds kwa malume ake, a Mwale, amene akukonza phwandolo. Mkwati ndi wa kwa a Banda ku Chipata. Awiriwo analembetsa kale ukwati wawo kuboma, ndipo tsopano akupita kutchalitchi. Khadi la Chingerezi latchula a Mwale ndi akazi awo okha ngati oitana. Kumasulira koyamba, kotsata liwu ndi liwu, kukanatuluka chonchi:

"Bambo ndi Mayi Mwale apempha ulemu wa kupezeka kwanu pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo Uje kwa Ujeni."

Tikachiwerenga ngati mmene angachiwerengere munthu wa ku Dedza, zolakwa zikuonekera motsatizana. "Apempha ulemu" ndi dandaulo. "Mlongo wawo" sakudziwika ngati ndi wa bamboyo kapena wa mayiyo, ndipo Uje angaoneke ngati ndiye mlongoyo. Mayi wobereka sanatchulidwe dzina, zimene kumudzi zingamveke ngati achotsedwa pa mwana wawo. Banja la a Banda palibepo. "Kwa Ujeni" akutumiza alendo kunyumba kwa mkwati. Ndipo liwu lakuti "ukwati" lokha silinanene kuti mwambowo ndi wodalitsa.

Tikamanganso kuyambira pa woitana, kenako pempho, kenako mwambo, tipeza ichi:

Ife, banja la a Phiri a ku Dedza
ndi banja la a Banda a ku Chipata,
pamodzi ndi Bambo ndi Mayi Mwale a ku Leeds,
tikukupemphani mwaulemu inu,
Bambo ndi Mayi ____________,
kuti mudzakhale nafe pa mwambo wodalitsa ukwati wa ana athu,
Uje, mwana wa Mayi Phiri ndi malemu Bambo Phiri,
ndi
Ujeni, mwana wa Bambo ndi Mayi Banda.
Mwambowu udzachitika Loweruka pa 15 Ogasiti 2026,
nthawi ya 11 koloko m'mawa,
m'tchalitchi chakutichakuti ku Leeds.
Madyerero adzayamba 2 koloko masana ku holo yakutiyakuti.

Taonani zimene zasintha. Chiganizo chimodzi chachitali cha Chingerezi tachidula patatu, chifukwa Chichewa sichikonda kupachika tsiku, nthawi ndi malo pa mneni mmodzi amene ali kutali. Tawonjeza aneni awiri, "udzachitika" ndi "adzayamba", kuti aliyense anyamule katundu wake. A Mwale sanataye malo awo ngati okonza phwando, koma tsopano aima pambali pa mabanja awiriwo, osati m'malo mwawo. Vuto la "mwana wa mlongo" latha lokha, pakuti malume kunena kuti "ana athu" palibe amene angadabwe. Khadili latalika kuposa la Chingerezi ndi mizere ingapo, choncho tiwauziretu osindikiza kuti mbali ya Chichewa ifuna malo okulirapo, m'malo modula mawu kuti akwane.

Ngati akwati eni ake ndiwo akuitana, chiyambi chokha ndicho chimasintha: "Ife, Uje ndi Ujeni, pamodzi ndi makolo athu, tikukupemphani mwaulemu kuti mudzakhale nafe pa ukwati wathu." Mawu akuti "pamodzi ndi makolo athu" asasowe, ngakhale awiriwo atalipira zonse okha. Kwa wowerenga wa kwathu, ana oitanira anthu ku ukwati popanda kutchula makolo amaoneka ngati m'banjamo muli mkangano.

Mzere wopempha yankho

Pansi pa khadi la Chingerezi pamakhala zilembo zinayi, RSVP, zimene ndi chidule cha mawu a Chifalansa opempha kuti wolandira ayankhe. Kumudzi ukwati sukhala ndi chiwerengero, aliyense womva ng'oma amafika ndipo nsima imapezeka. Kuno eni holo amafuna nambala ya anthu nthawi isanakwane ndipo mbale iliyonse ili ndi mtengo wake. Choncho mzerewu uyenera kumveka bwino koma osaluma. Tingalembe kuti: "Chonde tidziwitseni pasanafike pa 15 Julayi ngati mudzakhala nafe, kuti tikukonzereni malo." Chifukwa chimene chaikidwa kumapetocho ndicho chimafewetsa pempholo. Chimasonyeza kuti tikufunsa pofuna kumulandira bwino mlendoyo, osati pomuwerengera chakudya.

Momwemonso pa nkhani ya ana. "Ana saloledwa" ndi mawu a pachitseko cha malo omwera mowa. "Popeza malo ndi ochepa, takonzera akuluakulu okha" akunena zomwezo popanda kukhumudwitsa kholo. Ngati khadi ndi la anthu owerengeka, tinene poyera kuti "Khadi ili ndi la anthu awiri." Ngati padzakhala perekaniperekani, anthu a kwathu safunika kuuzidwa pakhadi. Amene amafunika kufotokozeredwa ndi alendo a kuno, ndipo zimenezo zipite ku mbali ya Chingerezi.

Kuliyesa lisanapite kosindikiza

Mutu umodzi susenza denga, ndipo womasulira saona zolakwa zake chifukwa Chingerezi chija chimakhala chikumvekabe m'mutu mwake. Tipeze munthu wamkulu amene sanaone khadi la Chingerezi, makamaka wa kumudzi, timuwerengere la Chichewalo pafoni kamodzi kokha, kenako timufunse mafunso anayi: akuitana ndani, akukwatirana ndani ndi ndani, mwambowo ndi wanji, ndipo udzachitika liti komanso kuti. Akakayika pa funso limodzi, mzere umenewo ndiwo uli ndi vuto. Akatifunsa kuti "Mukufuna kunena kuti chiyani?" timvetsere bwino mmene tikumuyankhira, chifukwa kawirikawiri yankho limene timapereka pakamwa ndilo Chichewa chimene chimayenera kukhala pakhadi.

Pepala loyeserera likabwera kuchokera kosindikiza, tiyang'ane malo anayi amene amavulala kawirikawiri: "kuku" ndi "ni" mu mneni woitanira, kachizindikiro ka mu "m'mawa" ndi "m'tchalitchi", kalembedwe ka mayina a anthu, ndi kugwirizana kwa dzina la tsiku ndi deti pa kalendala. Tionenso kuti liwu lalitali ngati "tikukupemphani" silinadulidwe pakati pofuna kukongoletsa mzere. Kenako pepalalo lipite kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri asanalamule kuti lisindikizidwe.

Pomaliza, pali anthu amene khadi, ngakhale litalembedwa bwino chotani, siliyenera kukhala loyamba kuwauza. Agogo, malume, azakhali ndi amfumu a kwathu amayamba amva pakamwa, kwa ife eni ake pafoni kapena kwa nkhoswe wofika pakhomo. Khadi limabwera pambuyo kudzawakumbutsa tsiku.